Momwe mungadziwire ngati selefi ya fyuluta ikadali nkhope yanu musanaiike pa pulofailo yofunira banja

Mng'ono wanga anandionetsa selefi yomwe amafuna kuika pa pulofailo yofunira banja, ine kuyang'ana koyamba ndinaona ngati ndi munthu wina wofanana naye basi. Zinandikhudza chifukwa iyeyo samafuna kunamiza aliyense, anangozolowera nkhope ya mufoniyo mpaka kuiwala kuti ya pagalasi ndi ina. Zomwe tinachita tsiku limenelo ndi izi, mutha kuyesa nanunso.

Poyamba pezani chithunzi choyerekezera. Lowani mu kamera ya foni muone ngati pali `Beauty` kapena `Retouch`, mafoni ambiri amabwera izi zili zoyatsa kale ndiye munthu umaona ngati sunaike fyuluta pomwe kamerayo yakusalaza payokha, zimitsani kapena tsitsani mpaka pa 0. Kenako imani moyang'ana windo masana, wina akujambuleni ndi kamera ya kumbuyo ataima pa mita imodzi ndi hafu. Mtundawu ndi wofunika. Madokotala a ku America anapeza mu 2018 kuti selefi yojambula pa masentimita 30 imakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 pelesenti kuyerekeza ndi chithunzi cha pa mita imodzi ndi hafu, ndiye ena amathamangira kuchepetsa mphuno ndi fyuluta pomwe vuto ndi kuyandikira kwa foni, osati mphunoyo.

Mukatero ikani zithunzi ziwirizo pambalipambali, muzizume, muziyang'ana chinthu chimodzi pa nthawi. Funso lake ndi limodzi: chomwe fyuluta yachotsachi chimatha chokha pakapita sabata kapena ziwiri, kapena munthu wofuna banja nanuyo adzachipeza tsiku lokumana? Kachiphuphu kotuluka dzulo, maso otupa chifukwa simunagone, mdima wa mchipinda, izi kukonza palibe vuto. Koma mtundu wa khungu, kukula kwa maso, chibwano, masaya, mpata wa pakati pa mano, chipsera, makwinya, izi ndi inuyo.

Kwa mng'ono wangayo tinapeza zinthu zinayi. Ziphuphu ziwiri zapachipumi zinachoka, izo tinazisiya. Khungu linayera kwambiri moti nkhope ndi khosi zimasiyana ngati za anthu awiri, ndipo dzanja lomwe anagwira pachibwano linatsala lakuda momwe alili. Masaya analowa mkati, umboni wake felemu ya chitseko kumbuyo kwake inapindika pafupi ndi tsaya, ndolo imodzi inatalika kuposa inzake. Chomwe chinandiwawa ndi chipsera cha pansi pa diso chomwe ali nacho kuyambira ali mwana, chinafufutika chonse. Iye akuti ndi kachinthu kakang'ono, ine ndinamuuza kuti munthu amene akufuna kukhala naye moyo wonse azichiona m'mawa uliwonse, bola achione pano n'kusankha akudziwa, kusiyana n'kuti tsiku loyamba azikhalira kuyang'ana pansi pa disopo n'kumadzifunsa kuti china chomwe anabisa ndi chani. Zitatu mwa zinayi zinali zosatha zokha, apo yankho linaonekeratu.

Maso anu okha musawakhulupirire, azolowera. Komanso amayi anu kapena mnzanu wapamtima akuzindikirani ngakhale fyuluta ikhale yotani, ndiye sangathandize kwenikweni. Pezani munthu amene anakuonani kamodzi kapena kawiri, muonetseni selefiyo osamuuza kuti ndi ndani. Akayamba kaye kukayika kapena kunena kuti "koma mwasinthatu", chithunzicho chapyola malire. Mufunsenso kuti munthu wa pachithunziyo akuoneka wa zaka zingati, akatchula zaka zochepa kwambiri kuposa zomwe mwalemba pa pulofailo ndiye kuti kusalazako kwadya msinkhu wanu.

Njira ina yachangu, dzifunseni kuti munthuyo ataimba vidiyo kolo panopa, opanda fyuluta, mungayankhe? Ngati mtima wagunda n'kuyamba kuganiza zonamizira netiweki, chithunzicho musachiike.

Ikakanika mayesowa sikuti muike chithunzi chosasangalatsa ayi. Dzikonzeni momwe mungadzikonzere popita kokakumana naye, zodzola zomwe mumadzola masiku onse ndi zanu ndithu chifukwa adzakupezani nazo, jambulitsani pa windo paja zithunzi zambiri musankhepo chabwino. Kuwalitsa chithunzi chonse pang'ono kuli bwino bola khungu lifanane ndi la pamkono wanu mukauyandikiza pa sikirini. Onjezani china cha thupi lonse, ndipo zonse zikhale za chaka chomwechino. Mng'ono wanga anasankha cha nambala 14 pa zomwe tinajambula, akumwetulira, chipsera chija chikuoneka bwinobwino.