Mukamakana ntchito ku Joni, musatume ejenti kukakukanirani

Ndikulemba ndili kwathu ku Mangochi, mwezi wachisanu tsopano chibwerereni ku Joni, ndipo mtima ukundiwawabe. Ntchito imene ikanandisunga kumeneko inandipulumuka chifukwa cha mmene ndinaikanira. Achimwene amene muli ku Mayfair, Lenasia, Durban kapena Cape Town, ndimvereni, chifukwa tsiku lina nanunso adzakuitanani pa ntchito pa nthawi imene simungathe kupita.

Ndinkagwira m'sitolo ya nsalu ku Fordsburg, pamwezi marandi 3,200. Ndinali nditakhalamo chaka ndi miyezi inayi. Tsiku lina ejenti wina, munthu wa boma lathu lomwe lino amene tinkapemphera naye pamodzi, anandiuza kuti pali ntchito ya panyumba ku Pretoria: kutchetcha kapinga, kusamalira maluwa, dziwe losambira ndi agalu awiri. Malipiro marandi 4,000, chipinda chogona chaulere. Anati ndimupatse marandi 700 olumikizira, ndinapereka. Loweruka ananditengera kwa adonawo. Anandifunsa mafunso, anandionetsa pabwalo ponse, nati ndiyambe pa 1 mwezi wotsatira. Potuluka anandilembera nambala yawo pakapepala ndi dzanja lawo.

Nditabwerera ndinakhala pansi n'kuwerengera bwino. Bwana wa sitolo anali atandibwereka marandi 2,500 pamene mayi ankadwala, ankandidula 500 pamwezi, ndipo panali patatsala 1,500. Kuchoka ndi ngongoleyo kunali kuthawa. Chinanso, mkazi wanga ankayembekezeka kubwera, koma chipinda cha ku Pretoria adona ananena poyera kuti n'cha munthu mmodzi. Ndinaona kuti ntchitoyo ndi yabwino, koma nthawi yake sinakwane.

Kapepala kaja kanali m'thumba. Ndikanangoimba. Koma manyazi anandigwira, Chingerezi chokanira munthu amene wandilandira bwino chinandisowa, ndiye ndinapita kwa ejenti. Iye anati, "Achimwene, musawaimbire, anthu amenewa safuna kuvutitsidwa. Ndikawauza ndine, ndiwafotokozera bwinobwino." Ndinapuma, ndinamuthokoza mpaka kumugulira chakumwa.

Sanawauze. Pa 1 adona anandidikira tsiku lonse, atapempha kusapita ku ntchito kwawo kuti andilandire. Pa 3 ejenti anafika ndi mnyamata wina amene anamulipiritsanso ndalama zake, nauza adona kuti ine ndagwidwa ndikuba m'sitolo. Anafunika bodza lalikulu lotero kuti adona asandifunenso, komanso kuti iyeyo aoneke ngati wawapulumutsa. Zonsezi ndinazidziwa patapita miyezi isanu ndi itatu, sitolo itatsekedwa. Ndinalembera adona kupempha ngati pali malo. Anayankha mzere umodzi wokha, kuti salemba anthu akuba, kenako ananditsekera pa WhatsApp. Amene anandiululira nkhani yonse ndi mayi wina wa ku Malindi yemwe ankachapa panyumba yomweyo. Anandiuzanso kuti sabata yomweyo mchemwali wa adonawo ankafuna munthu wa pabwalo, panyumba pokhala ndi chipinda cha banja. Ntchito imene ndinkaifuna ija inalipo, dzina langa ndi limene linali litafa kale.

Nditapita kwa ejenti kukafunsa, sanakane n'komwe. Anati ndinamuchititsa manyazi, ndipo marandi 700 sabwezedwa. Nditakweza mawu anandikumbutsa kuti akudziwa mmene pasipoti yanga ilili. Nonse mukudziwa kuti pa Beitbridge amatidindira masiku osapitirira 30, ndipo mukudziwa tanthauzo la kukumbutsidwa zimenezo ndi munthu amene ali ndi kope ya pasipoti yako. Lindela, kumene amasungira ogwidwa opanda mapepala asanawabweze kwawo, inandibwera m'maganizo, ndinatuluka mwakachetechete. Lamulo la ku South Africa la 2014 loyang'anira ntchito zopezera anthu ntchito limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Woyenera kulipira ejenti ndi wolemba ntchito. Koma amene mapepala ake ali okayikitsa sapita kukadandaula, ndipo maejenti a m'makwalalawa amadalira zomwezo.

Ndiye mvetsani. Ejenti amadya pamene munthu walowa ntchito. Inu mukakana, kwa iye mwasanduka chopinga, ndipo mbiri yanu alibe nayo ntchito. N'chifukwa chiyani mungamupatse munthu wotero mawu anu kuti akawanyamule? Tsiku loonana ndi bwana musachoke opanda nambala yake, ndipo iye akhale ndi yanu. Ejenti akamaletsa zimenezi, dziwani kuti pali chimene akubisa. Mukaganiza zokana, bwana amve kuchokera kwa inu choyamba, ejenti amve pambuyo.

Musachedwe. Masiku awiri akwana kuganiza. Bwana akamva msanga amapeza wina bwinobwino ndipo sakusungirani mkwiyo, koma mukamuuza dzulo la tsiku loyamba, ngakhale mutalankhula mokoma bwanji, chimene adzakumbukire ndi vuto limene mwamusiyira. Imbani foni, kenako tumizani uthenga wolemba wonena zomwezo kuti pakhale umboni wa tsiku ndi mawu anu. Ndikanakhala ndi uthenga wotero, bodza la ejenti likanagwa tsiku lomwelo.

Mawu ake asachuluke. Amene ndinayenera kutumiza ine ndi awa: "Madamu, zikomo pondilandira Loweruka komanso pondikhulupirira. Ndaganiza bwino, ndipo sinditha kuyamba pa 1. Ndili ndi ngongole kwa bwana wanga imene ndiyenera kumaliza, ithera mwezi wa Juni. Ndakuuzani msanga kuti mupeze munthu wina. Ntchito yanu ndinaikonda, ndipo ngati mungalole ndisunga nambala yanu kuti ndidzakufunseni Juni akatha." Basi. Ngati Chingerezi chikuvuta, pemphani mnzanu akuthandizeni kulemba, koma uthengawo uchoke pa foni yanu. Onani kuti mawu oti "sinditha" alimo poyera, chifukwa chake n'chimodzi ndipo n'choona, ndiponso mwezi watchulidwa. Kutchula mwezi ndi kumene kumasiya khomo lotsegula, chifukwa bwana amadziwa nthawi yoti akukumbukireni. Chifukwa cha ngongole chimakukwezaninso, poti bwana aliyense amafuna munthu amene sathawa ngongole.

Apa ndiye pamene ife a kwathu timalakwitsa kwambiri. Tinaleredwa kuti wamkulu sumukana pamaso. Timati "ndiona kaye", "ndikuuzani", "Mulungu akalola", ndipo kuno ku Mangochi aliyense amamva kuti munthuyo wakana mwaulemu. Kunja samva choncho. Bwana akamva "Mulungu akalola ndibwera" amalemba pakalendala, amauza ena ofuna ntchito kuti malo adzaza. Ulemu wathuwo kwa iye umasanduka chinyengo. Choipitsitsa ndi kuzimitsa foni kapena kusiya mauthenga osayankha. Lekani zimenezo, achimwene, si inu ana. Mukathawa chotero mumatsekeranso Mmalawi wina amene adzagogode pageti pomwepo mawa.

Musanamizire maliro. Ndamva anthu ambiri akupha agogo awo pakamwa kuti athawe ntchito. Amalawi ku Joni timadziwana, wa panyumba ina ndi mlamu wa wapanyumba inayo, ndipo sabata isanathe bwana amva kuti munthu wa kumaliro ku Makanjira waoneka akupakira katundu ku Fordsburg.

Ngati vuto ndi malipiro, nenani malipirowo. Musabise kumbuyo kwa zifukwa zina, ndiponso musanyoze kuti ndalama zake n'zochepa. Nenani kuti pa lendi ndi ndalama yotumiza kumudzi simungathe kutsika pa marandi akutiakuti. Mwina akana lero, koma chiwerengerocho amachisunga, ndipo anyamata awiri akamuthawa amakuimbirani yekha. Koma musatchule chiwerengero chimene akavomera mudzakanenso.

Kwa amene muli kale pa ntchito, lamulo la kumeneko lokha limakupatsani chifukwa chomveka. Mukagwira miyezi isanu ndi umodzi kapena yocheperapo, notisi ndi sabata imodzi. Kupitirira apo mpaka chaka, notisi ndi masabata awiri. Kupitirira chaka, notisi ndi masabata anayi. Wa panyumba kapena pafamu akangodutsa miyezi isanu ndi umodzi, notisi yake ndi masabata anayi. Bwana watsopano akati muyambe Lolemba, muuzeni kuti simungachoke popanda notisi. Wanzeru amamva, chifukwa akudziwa kuti mmene mukuchitira ndi mnzakeyo ndi mmene mudzachitire ndi iye.

Musalandire kanthu musanatsimikize: ndalama yoyendera, yunifolomu, makiyi a geti, kapena adivansi. Mukalandira mwavomera. Ngati munalandira kale, bwezani tsiku lokana lomwelo, ndipo ngati ndi ndalama sungani risiti. Kwa inu amene mukadali kuno kumudzi ndipo bwana kapena m'bale akufuna kukulipirirani transipota, kanani musanakwere galimoto. Mukadutsa Mwanza ndi Tete pa ndalama ya munthu, mawu okana mulibenso, muli ndi ngongole.

Ntchito ikabwera kudzera kwa m'bale, amalume kapena alamu, ndi nkhani ina, chifukwa iwowo aika nkhope yawo kwa bwana wawo. Pitani mukawaone pamaso tsiku lomwelo, muwafotokozere, kenako muimbire bwanayo muli nawo limodzi. Musawasiye kuti akayankhe okha mafunso Lolemba.

Ena amati ukakana upereke munthu wina m'malo mwako. Ndi zabwino, koma munthu amene mukumudziwa kagwiridwe kake, amene munagwirapo naye. Mnyamata wongofika dzulo, chifukwa chakuti ndi wa kumudzi kwanu, ayi. Akaba kapena akathawa, dzina limene bwana akumbukire ndi lanu. Ndipo mukapereka munthu musamulipiritse, mungasanduke ejenti yemwe uja.

Mwezi munalonjeza ukafika, lembani kamodzi: dzina lanu, tsiku munaonana, ndi kuti tsopano ndinu omasuka. Akapanda kuyankha dikirani mwezi wathunthu musanalembenso, ndipo musamatumize zithunzi za moni wa m'mawa kapena kupempha ndalama. Nambala yanu musamasinthe ngati malaya. Mukasintha simu, uzani mabwana amene munasiyana nawo bwino, ndipo nambala zawo muzilembe m'kabuku, chifukwa mafoni ku Joni amabedwa. Mukabwera kutchuthi kuno, WhatsApp ikhalebe pa nambala ya ku Joni, ndipo simuyo muziikamo kandalama kuti isatsekedwe.

Ejenti uja akugwirabe ntchito yake, ndipo ndamva kuti mwezi wathawu anyamata atatu a kuno adutsa m'manja mwake. Ngati mmodzi wa inu akuwerenga, ndipo munthuyo wakuuzani kuti "musawaimbire, ndikawauza ndine", tulutsani foni pomwepo muimbire bwanayo iye akumva.