Malangizo kwa Omwa Mowa Kawilikawili: Ngati Mowa Sukugwilaninso Monga Kale

Malangizo awa ndi a munthu amene amamwa mowa masiku angapo pa mlungu, ndipo waona kuti mowa umene kale unali kumuledzeletsa tsopano sumucita kanthu. Ambili amanena monyadila kuti, "Ine mowa sundigwila." Welengani mpaka kumapeto musanasinthe kamwedwe kanu, cifukwa kwa ena kuleka mwadzidzidzi n'koopsa.

Cimene cimasintha m'thupi

Mowa ukafika mu ubongo umacita zinthu ziwili. Umawonjezela mphamvu ya mauthenga amene amakhazika thupi pansi, ndipo umafooketsa mauthenga amene amalidzutsa. N'cifukwa cake munthu woyamba kumene kumwa amalemedwa zikope, lilime limamangika, miyendo n'kuyamba kudzandila. Koma ubongo sulola kukhala wopendekeka tsiku ndi tsiku. Mowa ukamabwela kawilikawili, ubongo umacepetsa kumva mauthenga okhazika pansi aja, n'kukweza odzutsa, kuti munthu aziyendabe mowongoka ngakhale mowa uli m'magazi. Izi sizitenga zaka. Zingayambe m'milungu yocepa cabe ya kumwa tsiku lililonse.

Palinso kuphunzila. Munthu amene waledzelapo kambili amadziwa kuponda pansi mosamala, kulankhula pang'onopang'ono, ndi kutsegula citseko popanda kuphonya pa kiyi. Anzake amaona ngati sanamwe. Ciwindi naco cimawonjezela timphamvu tina togaya mowa, conco mowa umacoka m'magazi mofulumilako pang'ono.

Pa zonsezi palibe cimene cimateteza thupi. Cimene cacepa ndi kumva kuledzela. Mowa umene ukufika ku ciwindi, ku mtima, ku kapamba ndi kum'melo ndi wonse umene mwameza, ndipo popeza tsopano mumamwa wambili kuti mumveko, ziwalo zimenezi zikulandila woculuka kuposa kale. Kudzandila ndi tulo zinali kukuleketsani pa botolo laciwili. Zimenezo zikacoka, palibenso cokuimitsani.

Welengani mowa, musadalile mmene mukumvela

Pa botolo pamalembedwa kukula kwake m'mamililita ndi ukali wa mowawo m'mapelesenti. Kuti mudziwe magalamu a mowa weniweni umene uli mkati, citani motele:

mamililita × mapelesenti ÷ 100 × 0.8 = magalamu

Botolo la mamililita 330 la mapelesenti 5 lili ndi magalamu pafupifupi 13. La mamililita 500 la ukali womwewo lili ndi magalamu 20. Mowa waukali wa mapelesenti 40 uli ndi magalamu 16 m'mamililita 50 cabe, ndipo amene amadzithilila yekha kawilikawili amapitilila pamenepo. Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limawelenga magalamu 10 monga muyezo umodzi, ndipo kumwa magalamu 60 kapena kuposa pa nthawi imodzi limakucha kumwa mopitilila malile.

Tiyelekeze bambo wina wolemela makilogalamu 70. Zaka zitatu zapitazo mabotolo awili a mamililita 330 anali kumukwanila, ndipo akamaliza laciwili anali kuyamba kuyasamula. Amenewo ndi magalamu 26. Lelo amamwa asanu ndi limodzi madzulo alionse, masiku asanu pa mlungu, ndipo amabwelela kunyumba akulankhula bwinobwino, n'kuvula nsapato ataimilila ndi mwendo umodzi. Mabotolo asanu ndi limodzi ndi magalamu pafupifupi 79, ndipo pa mlungu afika pafupi ndi 400. Iye akuona kuti walimba. Ciwindi cake cikugaya mowa woculuka katatu pa tsiku kuposa kale.

Tsopano onani nthawi. Ciwindi ca munthu wamkulu cimagaya magalamu apakati pa 7 ndi 10 pa ola limodzi. Khofi, madzi ozizila kapena kusanza sizifulumizitsa nchito imeneyi. Bamboyu akayamba kumwa 7 koloko madzulo, magalamu 79 adzatenga maola 8 mpaka 11, kutanthauza kuti mowa ukutha m'magazi kukuca. Tsiku limene wamwa mabotolo khumi, magalamu oposa 130, mowa ungakhalebe m'magazi pamene akufika pa nchito m'mawa. Ndipo pali msampha wina apa: mowa ukayamba kutsika m'magazi, munthu amamva ngati kuledzela kwatha kale, pamene maso ndi manja ake akali kucedwa kucitapo kanthu. Mwana akadumphila pamsewu, phazi limacedwa kufika pa mabuleki. Makina opima mowa mu mpweya umene mumapuma sadziwa kuti munazolowela. Amawelenga mowa umene ulipo. Conde musayendetse galimoto kapena kugwila makina podalila kuti mukumva bwino.

Cifukwa cake simumva kupweteka

Pogaya mowa, ciwindi cimayamba causandutsa poizoni wochedwa asetadehaidi, kenako n'kuusandutsa cinthu cosavulaza kwambili. Poizoni ameneyu amawononga maselo ndi malangizo a cibadwa amene ali mkati mwake. Mukamwa wambili, amapangikanso wambili. Ngakhale timphamvu towonjezeleka tija, timene timathandiza mowa kucoka msanga, timatulutsa zoipa zina zimene zimapselezela maselo a ciwindi pogwila nchito.

Mkati mwa ciwindi mulibe mitsempha yomva ululu monga ya pakhungu, ndiponso ciwalo cimeneci cimapitiliza nchito ngakhale mbali yaikulu itawonongeka. Coyamba, mafuta amaunjikana m'maselo ake. Izi zimacitika kwa anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene amamwa kwambili, ndipo oculuka samva ciliconse. Pa siteji imeneyi ciwindi cingabwelele mwakale m'milungu ingapo munthu akaleka mowa. Akapitiliza, kwa ena cimatupa, kenako zipsela zimalowa m'malo mwa mnofu wabwino mpaka ciwindi cimauma n'kukhala ca mabampumabampu. Nthawi zambili zimenezi zimatenga zaka khumi kapena kuposa, ndipo si onse amafika pamenepo, koma palibe angadziwe pomva cabe kuti iye ali m'gulu liti. Maso acikasu, mimba yodzala madzi, mapazi otupa ndi kusanza magazi zimaonekela mocedwa, zipsela zitakhazikika kale.

Kuthamanga kwa magazi nakonso kumakwela mwakacetecete, ndipo munthu angakhale nako zaka mpaka tsiku limene sitiloko yamugwetsa. Za khansa, mowa unaikidwa mu 1988 m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Umakhudza khansa ya m'kamwa, pakhosi, kum'melo, ciwindi, matumbo aakulu ndi bele. Ngozi yake imakula ndi kuculuka kwa mowa umene munthu wamwa pa zaka, osati ndi kangati anagwapo.

Cinthu cimodzi cimasoceletsa ambili. Munthu amene kwa zaka anali wosagwidwa ndi mowa angayambe kuledzela ndi botolo limodzi kapena awili. Acibale amasangalala poganiza kuti wacepetsa. Kungakhale kuti ciwindi calephela kugaya mowa. Zikatele apite kukapimidwa mlungu womwewo.

Macenjezo ofunika

Kuzolowela kuledzela sikukweza mofanana mlingo wa mowa umene ungaimitse kupuma. Munthu wozolowela amafika pafupi ndi mlingo woopsawo akali ciimile, ndiye cenjezo limabwela mocedwa. Musasakanize mowa ndi mankhwala ogoneka, okhazika mtima pansi, kapena opha ululu amphamvu, cifukwa zonsezi zimacepetsa kupuma pamodzi. Ngakhale palasetamo, amene ambili amamwa pa matsile, amalemetsa ciwindi ca munthu womwa kwambili. Musapitilile mlingo wolembedwa pa paketi, ndipo uzani dokotala kapena wopeleka mankhwala kuti mumamwa mowa wotani pa tsiku.

Mukakhala milungu ingapo osamwa, kuzolowela kuja kumatsika. Kubwelela tsiku limodzi pa mlingo wakale kungakugwetseni koopsa.

Mukapeza munthu amene wamwa sakudzuka pomugwedeza, akupuma mwapatalipatali kapena khungu lazizila, mugonekeni cam'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo mufikitseni kucipatala mwamsanga. Musamusiye yekha poganiza kuti ndi wozolowela, adzadzuka.

Zoyenela kucita

Kwa milungu iwili lembani ciliconse cimene mwamwa, tsiku lomwelo, osati poyesa kukumbukila pambuyo pake. Lembani kukula kwa botolo ndi mapelesenti ake, muwelenge magalamu. Kenako dzifunseni kuti caka catha munali kumwa angati kuti mumve cimodzimodzi. Ngati nambala yakwela, thupi lazolowela, kaya mumadzandila kapena ayi.

Pitani ndi pepalalo kucipatala. Pemphani kuti akupimeni kuthamanga kwa magazi ndi magazi a ciwindi. Pa pepala la zotsatila mudzaona maina monga ALT, AST ndi GGT. Manambala amenewa akakwela amasonyeza kuti ciwindi cikuvutika, koma angakhale abwino ngakhale zipsela zilipo, conco dokotala angafunenso kuunika pamimba ndi makina. Muuzeni zoona. Mukachula mabotolo awili pamene mumamwa asanu ndi limodzi, mwamubisila cimene akufunika kuti akuthandizeni.

Musanaleke, onani mmene mumakhalila m'mawa. Kodi manja amanjenjemela ponyamula kapu? Kodi mumatuluka thukuta, mtima kugunda mofulumila, mselu, nkhawa, ndipo zonsezi zimatha mukamwako pang'ono kuti "mucotse matsile"? Ngati ndi conco, amenewo si matsile wamba. Ubongo uja unakweza mauthenga odzutsa kuti ulimbane ndi mowa, ndipo mowa ukacoka umatsala ukuthamanga wopanda couletsa. Zizindikilo zimenezi zimayamba pakapita maola 6 mpaka 24 cimwele mowa. M'masiku awili oyamba munthu angagwe ndi kuphupha ngati wa khunyu. Pa tsiku laciwili mpaka lacinayi ena amasokonezeka mutu, kutentha thupi ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo vuto limeneli lingaphe ngati silinathandizidwe.

Ngati muli ndi zizindikilo zimenezi, kapena munagwapo kale mutaleka mowa, musaleke mwadzidzidzi muli nokha. Kucipatala adzakupatsani mankhwala okhazika ubongo kwa masiku ocepa, pamodzi ndi vitamini wochedwa thayamini amene omwa kwambili amasowa, ndipo adzakuyang'anilani. Ngati mulibe zizindikilozo, mungayambe lelo: sankhani masiku osamwa pa mlungu, ikani malile a mabotolo musanatsegule loyamba, ndipo mukafika pa nambalayo lekani ngakhale mukumva ngati simunamwe. Pakapita miyezi itatu bwelelani mukapimitsenso magazi, mutatenga pepala lija ndi zotsatila zoyamba kuti dokotala ayelekezele.