Kulembera obwera pamsonkhano kumene kulibe netiweki: mapepala choyamba, kompyuta pambuyo

Amene munachititsapo maphunziro a alimi kumidzi ya ku Vubwi, Chadiza kapena mkati mwa Lundazi mukudziwa kuti foni imatha kukhala tsiku lonse osagwira, ndipo magetsi nawo sungawadalire. Pepala ndi bolopeni sizikukhumudwitsani pakhomo. Vuto limadza madzulo, pamene zimene zili pamapepala ziyenera kulowa m'kaundula wamkulu wa pakompyuta. Ndifotokoza mmene timachitira, potengera msonkhano wa alimi 240 olembetsa kale ndi matebulo atatu olandirira anthu.

Choyamba, musanasindikize chilichonse, patsani munthu aliyense nambala yakeyake m'kaundula, kuyambira 1001 mpaka 1240. Nambalayi ikhale yolembedwa m'danga lake pambali pa dzina, isakhale ija ya mizere imene Excel imaonetsa kumanzere. Timayambira pa 1001 chifukwa mukalemba 001, kompyuta imadya maziro akutsogolo. Imachitanso chimodzimodzi ndi nambala za foni, choncho danga la foni muliike pa Text.

Apa ndi pamene zinatisokonekerapo, ndiye ndichedwapo pang'ono. Nthawi ina tinasindikiza mndandanda wongowerenga mizere, 1, 2, 3, kutsika mmunsi. Ife tili kumudzi, mnzathu amene anatsala ku ofesi ku Chipata analandira maina ena ochedwa, nawalowetsa, kenako anadina Sort kuti maina ayende bwino motsatira zilembo. Iye sanalakwe, anali kugwira ntchito yake. Koma mzere 57 wa papepala sunalinso mzere 57 wa pakompyuta. Ndipo poti kwathu kuno a Banda, a Phiri, a Tembo ndi a Mwale amadzaza masamba athunthu, wolowetsa ankaona Banda papepala, Banda pakompyuta, n'kuchonga. Chiwerengero chonse chinagwirizana bwinobwino, motero palibe anakayika. Tinadziwa pamene ndalama zobwezera thiransipoti zinapita pafoni za anthu amene sanabwere, ndipo amayi amene anakhala nafe tsiku lonse anayamba kufunsa kwa apampando awo. Kubweza ndalama yoti yalowa kale m'foni ya munthu ndi ntchito yowawa, komanso imadanitsa anthu a mudzi umodzi. Nambala yokhazikika imatseka khomo limeneli: musanje maina mmene mungafunire, a Banda a 1057 akhalabe 1057. Mukasindikiza, sunganinso kope la tsikulo ngati PDF, ndipo uzani a ku ofesi kuti dzina lochedwa lilembedwe pambali kufikira mutabwerako.

Tsopano kusindikiza. Pa A4 ikani mizere 16 yokha kuti pakhale malo a chidindo cha chala kwa amene sasaina. Anthu 240 ndiye kuti masamba 15, tebulo lililonse masamba asanu. Madanga ake: nambala, dzina, mudzi, nambala zisanu ndi imodzi zoyambirira za chitupa, ndi posaina. Chitupa chonse ndi foni musaziike papepala loti aliyense aziwerenga pamzere. Dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2021, ndipo ngakhale popanda lamulo si ulemu. Pamwamba pa tsamba lililonse pakhale chilembo cha tebulo ndi nambala ya tsamba, monga B 3/5, kuti likasowa mudziwe msanga.

Gawani matebulo potsata midzi kapena makalabu, chifukwa munthu aliyense amadziwa kwawo. Mukagawa ndi zilembo, tebulo la M ndi P lidzakhala ndi mzere wofika kumsewu pamene ena akungokhala. Dzina lililonse lipezeke patebulo limodzi lokha. Musapatse matebulo onse mndandanda wathunthu, apo ayi wina adzasaina kawiri.

Za mtengo: gulani rimu yanu ya mapepala 500 n'kupita nayo kosindikiza, amakuchotserani ndithu. Rimuyo muione ngati sinatsegulidwe, pali ogulitsa ena amene amasololamo. Yesetsani tsamba limodzi kaye, chifukwa m'timashopu tina inki yake ndi yowonjezera mwachinyengo, 3 ndi 8 zimaoneka zofanana. Nyengo yamvula sankhani makina a inki yaufa, yamadzi ija imayenderera dontho likangogwapo.

Tebulo lililonse likhalenso ndi pepala la obwera mwadzidzidzi, lokhala ndi nambala zolemberatu: A-01, A-02 patebulo A, B-01 patebulo B. Apa mlembi alembe yekha ndi zilembo zazikulu, akukopera pachitupa nambala yonse, monga mmene imakhalira 123456/78/1, osangomva ndi khutu. Dzina latsopano lisafinyikizidwe mmunsi mwa tsamba losindikiza. Aliyense akasaina, mpatseni tikiti ya chakudya yochokera m'kabuku ka nambala. Matikitiwo ndiwo mboni yanu yachiwiri.

Musanakwere galimoto, mlembi aliyense awerenge osaina patsamba lililonse, alembe chiwerengero mmunsi, asaine. Tinene kuti A yapeza 71 a pamndandanda ndi 6 atsopano, B 68 ndi 4, C 74 ndi 9. Pamodzi ndi 213 ndi 19, onse 232. Matikiti otuluka akhalenso 232. Akakhala 234, funsani pomwepo anthu asanabalalike, mawa palibe adzakumbuka. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, kamera sifuna netiweki.

Pophatikiza musachonge m'kaundula mwachindunji. Koperani fayilo, mutsegule tsamba latsopano lotchedwa Abwera, mulembe nambala zokha za osaina m'danga A, kuyambira pa A2 kutsika mmunsi. Mukhale awiri, wina awerenge, wina alembe. Pa B2 ikani ichi n'kuchikokera mmunsi kuti dzina lizitulukira lokha, ngati kaundula wanu ali patsamba la Mndandanda, nambala mu A, dzina mu B:

```
=VLOOKUP(A2,Mndandanda!A:B,2,FALSE)
```

Wolemba atchule dzina latulukalo mokweza, wowerenga avomereze. Mukalemba 1132 m'malo mwa 1123 kompyuta sidandaula, poti nambala zonse ziwiri zilipo, koma dzina lidzakhala lina. Mukaona #N/A, nambalayo mulibe m'kaundula. Kenako patsamba la Mndandanda, pambali pa munthu aliyense:

```
=COUNTIF(Abwera!A:A,A2)
```

0 ndi amene sanabwere, 1 anabwera, 2 walowetsedwa kawiri, bwererani kupepala. Ma 1 onse akwane 213.

Atsopano 19 aja musathamangire kuwapatsa nambala. Fufuzani aliyense ndi chitupa chonse, osati dzina. Mupeza kuti ena alimo kale: mayi analembetsa ndi dzina la kwawo koma lero watchula la amuna awo, wina anaima patebulo la mudzi wina, wina Mbewe analembedwa Mbebe. Ngati otere ali 5, onjezani nambala zawo zakale pa Abwera, a pamndandanda akhale 218. Otsala 14 alandire 1241 mpaka 1254, ndipo nambala yatsopanoyo mulembenso papepala pambali pa A-01 ija. Onse akadali 232, osabwera 22. Maina ochedwa a ku ofesi alowe pambuyo pa zimenezi.

Mapepala amangeni tebulo ndi tebulo, lembani tsiku ndi malo pa envulopu, mutsekere mu kabati. Zithunzi za m'mafoni a alembi zisamutsidwire pakompyuta ya ofesi, kenako zifufutidwe. Ndalama zitumizidwe pokhapokha munthu wina amene sanalowetse nawo atatenga maina khumi mwachisawawa n'kuwayerekeza ndi siginecha za papepala.