Nsanja za mathanki zikugwa chifukwa chosiya mitanda yopingasa

Chilimwe chino ndaitanidwa katatu kukaona nsanja za mathanki a mthirira zitagwa, ndipo konseko ndapeza vuto limodzi. Chitsulo sichinathyoke, sichinadyedwe ndi dzimbiri, powotcherera sipanamasuke. Miyendo inangopindika ngati uta, thanki n'kubwera pansi. Mukafunsa eni ake amati wowotcherera anaba chitsulo, anagula chopyapyala. Mwina n'zoona, koma chachikulu n'chakuti miyendoyo inali yaitali, yongokhazikidwa pa silabu, yopanda mtanda wopingasa ngakhale umodzi.

Tiyambe ndi kulemera, chifukwa ambiri mumakuchepetsa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, matumba a feteleza 100 ali m'mwamba. Mukaonjezerapo thankiyo ndi matabwa ake, mwendo uliwonse mwa inayi ukusenza pafupifupi makilogalamu 1,300.

Mzati waufupi wonenepa umagonja pophwanyika. Mzati wautali woonda sudikira zimenezo: katundu akafika pa mlingo wina umathawira pambali, n'kukhota mwadzidzidzi. Tengani lula ya pulasitiki ya mwana wa sukulu, muiimike patebulo, muikanikize ndi chala pamwamba. Ipinda msanga. Tsopano wina aigwire zolimba ndi zala pansi kuti isapendekeke, inunso muigwire zolimba pamwamba. Lula ndi yomweyo, koma muchita kulimbana nayo kuti ipinde. Chasintha ndi magwiridwe a kumapeto basi.

Katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, analemba lamulo la zimenezi m'chaka cha 1744, ndipo mainjiniya akuligwiritsabe ntchito:

P = π²EI / (KL)²

P ndi katundu amene mzati umapindikira. E ndi kuuma kwa chitsulo, I ndi kaumbidwe ka paipi, L ndi utali. Amene tikumufuna lero ndi K, nambala ya magwiridwe a kumapeto. Mzati ukamatha kupendekeka mbali zonse ziwiri koma nsonga zake zosasuntha pamalo, K ndi 1. Ukamangidwa zolimba pansi, pamwamba n'kugwidwa kuti usasunthire pambali koma ukutha kupendekeka, K ndi 0.7. Ukamangidwa zolimba konsekonse, mutu wosasuntha, K ndi 0.5. Koma mutu ukamatha kuyenda cham'mbali, ndipo mbali imodzi yokha ndiyo yomangidwa zolimba, K ndi 2. Mzati wotere umapinda ngati kuti uli ndi utali wowirikiza kawiri. Poti KL amachulukitsidwa ndi iye mwini, kuwirikiza kawiri kumeneko kumasiya gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mphamvu.

Nayi nsanja yomaliza imene ndinakaiona. Miyendo inali ya sikweya chubu ya mamilimita 50 mbali zonse, kukhuthala mamilimita 2, utali mamita 4. Pamwamba anaiwotcherera bwino ku felemu. Pansi mwendo uliwonse unali ndi kachitsulo kaphanthiphanthi, kongokhala pa konkire, kopanda bawuti. Mitanda panalibe.

Chubu chimenechi, E wake ndi 200,000 N/mm², I wake ndi pafupifupi 148,000 mm⁴. K akanakhala 1, L n'kukhala mamilimita 4,000, masamu akupereka pafupifupi 18,200 N, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 1,860 pa mwendo. Koma phazi likutha kupendekeka, mutu ukutha kuyenda cham'mbali limodzi ndi thanki, ndiye K ndi 2. Gawani 1,860 panayi: 465. Mwendo woyenera kusenza 1,300 unali wotha 465 wokha. Miyendo yonse inayi pamodzi sikanafika ngakhale matani awiri.

Bambo wa dimbalo anatsutsa. "Alangizi, nanga bwanji yakhala miyezi itatu osagwa? Ine ndinakwerapo ndi ana anga awiri tsiku loikapo thanki, sinagwedere n'komwe." Ndinawafunsa kuti thankiyo inadzazapo liti. Anayamba kuwerenga m'mutu. Pampu ya sola imapopa iwo akuthirira, madzi akulowa kwina akutuluka, moti thanki sinkafika ngakhale theka. Tsiku limene inagwa banja lonse linali ku maliro kutsidya, pampu inasiyidwa ikugwira ntchito dzuwa lili phwee. Mnyamata woweta mbuzi ndiye anaona. Akuti nsanja inayamba kutsamira pang'onopang'ono kulowera kuchitsime, kenako kamodzin'kamodzi phofo! Mwamwayi anali patali. Thanki inang'ambika, mapaipi anaduka, mapanelo awiri anasweka, ndipo tomato amene anali atayamba maluwa anakhala sabata ndi theka akumwa madzi a m'ndowa m'mwezi wa Okutobala. Bambowo anadandaula kwambiri za maluwa amene anayoyoka kuposa za thanki.

Anthu atatu ndi makilogalamu 200 osakwana. Kukwerapo si mayeso. Chizolowezi chimenechi cha kugwedeza nsanja ndi dzanja n'kunena kuti "ili nganganga" chimanditopetsa, chifukwa mzati woonda umaoneka wabwinobwino mpaka katundu atayandikira mlingo wake. Ndi nzeru ya pa nkhokwe, pomwe miyendo ndi yaifupi yonenepa, ndiye mwaitenga n'kukaiika pa chitsulo cha mamita anayi.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi kukweza nsanja pofuna kuti madzi azithamanga m'mapaipi. Nsanja ya mamita 3 mumailumikiza kufika 6, chitsulo chomwecho, mumvekere "tangoonjezera pang'ono". Mwachotsa magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake. Polumikizapo nthawi zambiri pamakhalanso pokhota, ndipo masamu a Euler ndi a mzati wowongoka bwinobwino, katundu ali pakati penipeni, mphepo kulibe. Nsanja yeniyeni imagonja isanafike pa nambala ya masamuyo. N'chifukwa chake ngakhale 1,860 uja sindikanamuvomera pa katundu wa 1,300.

Ena mumaika malamba ogona okhaokha kuzungulira miyendo n'kumati mwamanga. Malambawo amathandiza pang'ono, koma miyendo yonse inayi ikhoza kutsamira mbali imodzi malamba ali pomwepo, monga limachitira tebulo lomasuka. Chimene chimaletsa mutu kuyenda ndi chitsulo chopingasa, chochoka paphazi la mwendo uwu kukafika pamwamba pa mwendo winawo. Nsanja ya bambo uja ikanakhala ndi lamba pakati, pa mamita 2, ndi mitanda ya X m'munsi ndi m'mwamba mwa lambalo mbali zonse zinayi, L akanakhala 2, K akanakhala 1, masamu n'kupereka makilogalamu opitirira 7,000. Ngakhale mutadulapo theka chifukwa cha zokhota ndi mphepo, mwendo ukanasenza 1,300 uja mosavuta. Miyendo ndi yomweyo.

Amene muli ndi nsanja kale, musadzaze thanki musanaione. Mangani mwala kuchingwe, mulendewetse m'mbali mwa mwendo uliwonse thanki ili yopanda madzi, muyeze mpata pakati ndi pansi, mubwerezenso madzi atalowa pang'ono. Mpata ukasintha, tsitsani madzi tsiku lomwelo ndipo ana asasewere m'munsimo. Ikani mitanda mbali zonse zinayi, osati ziwiri, thanki ili yopanda madzi. Mapazi amangidwe ndi mabawuti olowa mu konkire. Mwendo umene unapindapo kale usawongoledwe ndi hamala, uchotsedwe. Nsanja yopitirira mamita 3 kapena thanki yoposa malita 5,000, pitani nacho chojambula kwa injiniya wa za mthirira ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu musanagule chitsulo.