Musafomate khadi musanaone makope awiri

Ojambula mavidiyo a maukwati, makwaya ndi zochitika za kumpingo kuno ku Angonia, Tsangano ndi Makanga, lero tikambirane za usiku wa tsiku lojambula. Zithunzi zambiri sizitayika kamera ili m'manja. Zimatayika pamene mwabwerera pogona, mwatopa, batire la laputopu lili m'munsi, ndipo mawa m'mawa khadi lomwelo likufunikanso.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona kwa mnyamata wina wa ku Ulongwe. Anamuitana kumudzi wina cha ku Domwe, kumene kulibe magetsi, kuti ajambule chinkhoswe Lachisanu ndi ukwati Loweruka. Anali ndi khadi limodzi. Lachisanu usiku anakopera zachinkhoswe mu foda imene anaitcha `Ukwati`, n'kufomata khadi. Loweruka usiku anakoperanso mu foda yomweyo. Kompyuta inamufunsa funso, iye tulo tili m'maso anangodina `Replace`, kapena kuti `Substituir` kwa inu amene makompyuta anu ali m'Chipwitikizi. Chimene sanadziwe n'chakuti kamera yake, itafomata khadi, inayambanso kuwerenga kuchokera pa `C0001.MP4`. Mafailo a Loweruka anakhala pamwamba pa a Lachisanu, dzina ndi dzina. Mawu a ankhoswe, amalume akupereka nkhuku, zonse zinapita. Anabwera kwa ine nkhope ili gwa, nati: "Achimwene, palibe njira yozibwezera?" Panalibe, chifukwa khadi anali atalijambuliranso lonse.

Mankhwala ake ndi otchipa kwambiri: khadi lililonse likhale ndi foda yakeyake, ndipo dzina la foda yaikulu liyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kuti mafoda azidzindandalika okha.

```
2025-08-15_Domwe_chinkhoswe
    KHADI_01
2025-08-16_Domwe_ukwati
    KHADI_01
    KHADI_02
    MAWU
```

Mu `KHADI_01` muikemo zonse za pakhadi monga ziliri, osasankhamo. Makamera ena amabisa mavidiyo mkati mwa foda ya `PRIVATE`, ndipo amene amangotenga `DCIM` amapita ndi zithunzi zoima zokha, mavidiyo n'kutsala. Musasinthenso maina a mafailo mutayamba kudula filimu, chifukwa pulogalamu yodulira idzawasowa. Ndipo gwiritsani `Copy`, osati `Cut`. Chingwe chikagwedera pakati pa `Cut`, mumatsala ndi theka kuno theka uko, osadziwa kuti chathunthu n'chiti.

Tsopano tiwerenge kukula kwa katundu, pakuti apa ndi pamene nkhani ya moto ikulowera. Kamera yojambula 4K pa 100 Mbps imadya pafupifupi 45 GB pa ola limodzi. Ukwati wa maola anayi, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani, ndi 180 GB, kutanthauza makhadi awiri a 128 GB. Kukopera zimenezi ku diski yapadera, ija yokhala ndi chimbale chozungulira mkati, kumatenga mphindi ngati 40 zikayenda bwino. Koma makope afunika awiri, pa madiski awiri osiyana, ndiye ikani ola limodzi ndi theka laputopu ili yoyaka. Laputopu yakale ya batire lotopa siifika pamenepo.

Pawabanki yolembedwa 20,000 mAh anthu amaiona ngati chitsime chosaphwa. Nambala imeneyo imawerengedwa pa mphamvu ya 3.7 V ya mabatire a mkati, ndiye moto wonse ndi 74 Wh, ndipo wina umatayika ngati kutentha potuluka. Yembekezerani ngati 60 Wh. Ntchito yokopera ija ingadye theka la motowo kapena kupitirira. Langizo langa ndi lakuti pawabanki zikhale ziwiri: ina ya mabatire a kamera ndi foni masana, inayo ya usiku basi. Yausikuyo muibise pansi pa chikwama, chifukwa paukwati aliyense amene foni yamuthera moto amakhala mbale wanu.

Pogula, musangoona nambala yaikulu ija. Tembenuzani, muwerenge timalemba tating'ono ta kumbuyo. Kuti itchaje laputopu, iyenera kukhala ndi `USB-C PD` yotulutsa 45 W kapena 65 W, ndipo laputopu yanu iyenera kukhala yolandira moto pabowo la `USB-C`. Pawabanki wamba ya 5 V siitchaja laputopu. Ngati laputopu yanu ndi ija ya chingwe cha mutu wozungulira, itchajeni izadze musananyamuke, ndipo musaiyatse mpaka nthawi yokopera. Isakhale yoimbira nyimbo pamadyerero. Pa jenereta ya paukwati musadalirepo. Mafuta akatha imazima osatsanzika, ndipo ngati laputopu ilibe batire, diski imazimira pakati pa kulemba.

Kukopera kukatha, ntchito siinathe. Dinani kumanja pa foda, mutsegule `Properties` kapena `Propriedades`, muyerekeze zinthu ziwiri pakati pa khadi ndi diski iliyonse: chiwerengero cha mafailo, ndi kukula kwake mpaka nambala yomaliza ya mabaiti. Zikasiyana ngakhale pang'ono, koperaninso. Kenako tsegulani vidiyo yoyamba, yapakati ndi yomaliza kuchokera pa diski, khadi mutalichotsa, muthamangitse mpaka kumapeto, mumvenso mawu. Kope lachiwiri lichokere pakhadi, osati pa diski yoyamba, kuti cholakwika cha woyamba chisasamukire kwa mnzake. Mukaona failo yaikulu ikukana kulowa pamene malo alipo, diskiyo ili mu `FAT32`, imene siilandira failo yopitirira 4 GB. Yofunika ndi `exFAT`, koma kusintha kumafufuta zonse, ndiye chitani zimenezi kunyumba diski ili yopanda kanthu. Pochotsa diski, muzidina `Eject` kaye.

Khadi lodzaza, tsitsani kachotsekera ka m'mbali kolembedwa `Lock`, muliike m'thumba lina. Ndi bwino kukhala ndi makhadi okwanira masiku onse a ntchito, kuti kufomata kudikire mutafika kunyumba. Khadi latsopano, makamaka lotchipa modabwitsa la pamsika, liyeseni ndi pulogalamu ya pakompyuta ya `H2testw` musanapite nalo kuntchito: alipo olembedwa 128 GB amene mkati mwake muli malo ochepa, amaoneka ngati akujambula koma mafailo omalizira satseguka. Mukafufuta mwangozi, lichotseni khadilo nthawi yomweyo, musajambulirenso. Pulogalamu ya `PhotoRec` nthawi zina imabweza zimene sizinalembedwe pamwamba.

Paulendo wobwerera, madiski awiri aja asakhale m'chikwama chimodzi. Chikwama chikagwa panjinga yamoto kapena kubedwa padepoti, makope onse apita limodzi. Ina ikhale m'thumba la jekete lanu, ina ndi mnzanu wonyamula miyendo ya kamera. Diski ya chimbale imadana ndi mabampu, ndiye ikulungeni m'juzi, ndipo musaisunthe ikugwira ntchito. Ngati ndalama zilola, yoyenda nayo ikhale `SSD`, imene ilibe chozungulira mkati. Yachimbale izikhala kunyumba. Amene mumatsikira ku Moatize ndi mumzinda wa Tete miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, musasiye pawabanki kapena diski m'galimoto yotseka. Pawabanki ikayamba kufufuma, ntchito yake yatha, musaitchajenso. Nyengo ya dzinja kuno kumtunda mdani ndi mvula: jumbo ya pulasitiki yomanga bwino pakamwa imakwanira.