Momwe mungasankhire poto wa aluminiyamu, wa sitilo kapena wa chitsulo chakuda, ndi kumusamalira

Ambiri a ife tikafika ku Johannesburg timagula poto woyamba amene tamuona wotchipa, ndipo pakatha mwezi timayamba kudandaula kuti mbaula yamagetsi ikupsereza nsima. Kawirikawiri vuto silikhala mbaula koma pansi pa poto.

Choyamba, tembenuzani potoyo muone kukhuthala kwa pansi pake. Aluminiyamu amafalitsa kutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa chitsulo chakuda, ndipo amaposa sitilo wosachita dzimbiri koposa kakhumi. N'chifukwa chake poto wa sitilo wopyapyala amatentha kwambiri pamalo pokhapo pamene pakhudza mbaula, phala n'kupserera pakati m'mbali musanawire. Ngati mukufuna wa sitilo, sankhani amene pansi pake anamatapo chimbale chokhuthala chokhala ndi aluminiyamu mkati. Polemba kuti 18/10 amatanthauza kuti pa magawo 100 alionse, 18 ndi a kromiyamu ndipo 10 ndi a nikelo. Amene muli ndi mbaula ya indakishoni, imene imatenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito, tengani maginito popita kogula, chifukwa poto amene maginito sakakamira pansi pake satentha pambaula yotereyo.

Chachiwiri, ganizirani zimene mudzaphikamo. Nsima ndi mpunga zimapsa bwino mu aluminiyamu wokhuthala, koma ndiwo za tomato wambiri kapena za viniga zimadya aluminiyamu pang'onopang'ono, makamaka zikagonamo usiku wonse. Ndiwo zoterezi, ngakhalenso mkute wake, ndi za mu sitilo. Ndichenjezenso za mapoto olemera, otuwa, okhakhala ndiponso opanda dzina la wopanga, amene amayalidwa m'mbali mwa msewu pamtengo wonyengerera. Ena amaumbidwa posungunula zitsulo zotayidwa, kuphatikizapo zidutswa za injini, ndipo akhoza kukhala ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana. Mtovu suoneka ndi maso. Wogulitsa wina anandiuza kuti kulemerako ndiye umboni wa ubwino wake, koma nditafunsa kumene potoyo anapangidwa anayamba kukamba za mtengo.

Chachitatu ndi kukonza poto wa chitsulo chakuda asanayambe ntchito, ndipo apa m'pamene ine ndinalakwitsa. Ndinagula poto wa miyendo itatu, amene anzathu kuno amamutcha poiki, ndinamutsuka kamodzi, kenako ndinathiramo mafuta ophikira pafupifupi theka la kapu poganiza kuti akachuluka ndiye kuti dzimbiri silibwera. Atatuluka mu uvuni, mkati mwake munali zomata zofiirira ngati ulimbo, ndipo nyemba zoyamba zinatuluka zakuda ndi fungo la mafuta oola. Ndinatha Loweruka lonse ndikupala.

Njira yoyenera ndi iyi. Kwechani poto watsopano ndi madzi otentha, sopo ndi waya wotsukira mpaka zimene opanga anapakamo poteteza dzimbiri zitachoka, ndipo mumuumitse pamoto, chifukwa nsalu imasiya chinyezi. Akadali wofunda, pakani supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za mafuta a mpendadzuwa mkati, kunja ndi pachivundikiro, kenako pukutani ndi nsalu youma ngati kuti mwapaka molakwitsa ndipo mukufuna kuchotsa onse. Kamafuta kosaoneka kamene katsalako ndi kamene kakufunika. Muikeni chozondoka mu uvuni wotentha madigiri 220 kwa ola limodzi, muzisiya mawindo otsegula chifukwa pamakhala utsi, ndipo azizire momwemo. Bwerezani katatu. Kutentha kumasandutsa mafuta opyapyala kukhala chikutiro cholimba, pamene mafuta ochuluka amauma pamwamba pokha, pansi n'kutsala aawisi. Mudzadziwa kuti zatheka chala chikamatsetsereka osamata ndipo nsalu yoyera ikamatuluka yopanda dzimbiri. Popeza mayunitsi a magetsi amatha msanga ndi uvuni, mukhozanso kuchita zimenezi pamakala. Sabata zoyamba kazingiranimo nyama ndi anyezi, tomato adikire.

Poto ameneyu amachedwa kutentha, choncho mupatseni mphindi zisanu pamoto wochepa, koma akatentha amasunga moto nthawi yaitali. Izi zimathandiza pa nyemba, zimene kuno zimachedwa kupsa chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94. Musathire madzi ozizira potoyo ali wotentha kwambiri, angang'ambike.

Zotsalazo n'zosavuta. Wa chitsulo chakuda musamuviike m'madzi usiku, muumitseni ndi kumupaka kamafuta. Mu sitilo thirani mchere madzi atawira kuti pansi pasachite timaenje, ndipo mawanga oyera amachoka ndi viniga. Nkhoko za mu aluminiyamu zivikeni m'madzi ofunda m'malo mozipala ndi mpeni, ndipo poto amene wapindika pansi mpaka kumagwedera pambaula ndi wofunika kumusintha.