Kayezedwe ka pamimba ndi m'matako, kwa abale athu a ku Zambia

Awa ndi malangizo a bungwe la WHO omwe akatswiri anagwirizana mu 2008, tawaika m'Chinyanja kuno ku Zomba kuti nanunso a ku Chipata, Katete ndi Lusaka muziyeza nokha kunyumba, mudziwe ngati muli pa ngozi ya matenda a shuga, bipi ndi mtima. Chofunika ndi tepi basi, ija ya atelala, bola isakhale yotamuka.

Vulani juzi ndi chilichonse chokhuthala, mutsale ndi kamalaya kopepuka, apo ayi tepi ikhudze khungu. Imani chilili, mapazi pafupi, manja m'mbali, ngati pali wina wokuyezani ndiye bwino kwambiri.

Pamimba ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Sipamene pamakhala lamba wa thalauza ayi, komanso musadalire mchombo chifukwa mimba ikakula mchombo umatsika. Fufuzani ndi zala m'mbali mwanu nthiti yomaliza, kenako pamwamba pa fupa la chiuno, ndiye tepi idutse pakati peni peni pa malo awiriwo, izungulire mowongoka osapendekera kumsana, igwire thupi koma isalowe m'mnofu. Pumani mwa masiku onse, muwerenge nambala mutangotulutsa mpweya. M'matako ndi mophweka, zungulizani pomwe patukuka kwambiri. Yezani paliponse kawiri, zikasiyana kuposa sentimita imodzi yambiraninso.

Tsopano tengani foni mugawe nambala ya pamimba ndi ya m'matako. Amayi amene apeza masentimita 88 pamimba ndi 100 m'matako, yankho ndi 0.88. Kwa amayi ngozi imakwera kuyambira 0.85, kwa abambo kuyambira 0.90, ndiye amayiwa adutsa mzere. Koma taonani, amayi omwewa akabweza mimba m'kati poyeza tepi nkuwerenga 84, yankho likhala 0.84 iwo nkumati ndili bho, kumeneko nkudzinamiza nokha.

Ngozi yake ndi matenda a shuga, bipi ndi mtima, chifukwa mafuta a m'mimba amakuta chiwindi ndi matumbo ndipo amasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga, pomwe a m'matako ndi m'ntchafu savuta chotero.

Chinthu chimodzi chimene ine ndimaona kuti anthu azisamala nacho, yankholi limatha kubisa vuto kwa munthu wa mbina yaikulu. Pamimba 96 m'matako 118 zimapereka 0.81, kuoneka ngati zili bwino, chonsecho mimba payokha yapitirira. Ndiye muziyang'ananso nambala ya pamimba yokha: amayi kupitirira 80 ngozi yayamba, kupitirira 88 yakula, abambo ndi 94 ndi 102.

Amayi oyembekezera ndi ana, malire awa si anu. Amene mwadutsa mzere sikuti mwapezeka ndi matenda ayi, koma pitani ku kiliniki akakuyezeni shuga ndi bipi.